Kupeza eliya ya malo a pakati pa parabola ndi mzere woongoka pogwiritsa ntchito intigireshoni

Funso limene ophunzira amandifunsa kawirikawiri pa samu imeneyi limabwera m'njira ziwiri. Ena amati, "Yankho langa latuluka negetivu, ndingofufuta chizindikiro chochotsera?" Ena amati, "Mbali ina ya malowa ili pansi pa mzere wa x, kodi ndiiwerengere payokha?" Mafunso onsewa gwero lake ndi limodzi: munthu waloweza masitepe koma sanamvetse chimene intigireshoni ikuphatikiza. Ndaganiza zolemba yankho lonse pano, ndi samu imodzi yomwe tiitsate kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Timvane kaye pa mawu. Eliya ndi kukula kwa malo athyathyathya otchingidwa mbali zonse. Parabola ndi mzere wokhota womwe umatuluka mukajambula girafu ya ikweshoni yokhala ndi x² ngati pawa yaikulu kwambiri. Ndikati mzere wa x ndikutanthauza mzere wogona uja wa pa girafu, pomwe y ndi ziro. Malire ndi manambala awiri omwe timalemba pansi ndi pamwamba pa chizindikiro cha ∫. Ndikuyembekezera kuti mukudziwa kale lamulo lakuti xⁿ ikaintigiretedwa imakhala xⁿ⁺¹/(n + 1).

Samu yathu ndi iyi: pezani eliya ya malo otchingidwa ndi parabola ndi mzere woongoka awa.

```
parabola:  y = x² − 2x − 3
mzere:     y = x + 1
```

Ndasankha samu imeneyi dala, chifukwa mbali ina ya malowa ili pamwamba pa mzere wa x ndipo ina ili pansi, komanso limodzi la malire ake ndi negetivu. Apa mpamene ambiri amagwa.

1. Pezani pomwe mizere iwiriyi ikukumana

Funso silinakupatseni malire, ndiye muwapeza nokha. Pomwe parabola ndi mzere zakumana, y wa zonse ziwiri ndi wofanana, choncho fananitsani maikweshoni awiriwa ndi kusamutsira zonse mbali imodzi.

```
x² − 2x − 3 = x + 1
x² − 3x − 4 = 0
(x − 4)(x + 1) = 0
x = −1   kapena   x = 4
```

Malire athu ndi −1 ndi 4. Bwezerani manambalawa mu ikweshoni ya mzere kuti mupeze y: malo okumanirana ndi (−1, 0) ndi (4, 5). Ikaninso x = 4 mu parabola, muona kuti 16 − 8 − 3 ndi 5, zagwirizana.

Chenjerani ndi cholakwa chimene chimaoneka ngati ntchito yabwino. Wina amatenga x² − 2x − 3 = 0, n'kupeza −1 ndi 3, n'kuyesa kuti ndiwo malire. Amenewo ndi malo omwe parabola ikudula mzere wa x, osati pomwe ikukumana ndi mzere wathu. Mu samu ino −1 wangochitika kuti ali ponseponse, koma 3 si malire.

Ikweshoni ikakana kufakitaraizika, gwiritsani ntchito fomula ya kwadiratiki. Yang'ananinso b² − 4ac. Ikakhala negetivu, mizereyi sikumana n'komwe. Ikakhala ziro, mzere ukungokhudza parabola pamalo amodzi. M'njira ziwiri zonsezi palibe malo otchingidwa, ndiye ngati funso likunena kuti alipo, bwererani mukaone pomwe chizindikiro chasokonekera.

2. Jambulani, ngakhale mwachangu

Sipafunika pepala la girafu. Ikani malo awiri okumanirana aja, lumikizani ndi mzere woongoka, kenako jambulani parabola yodutsa pamalo omwewo. Nambala yomwe ili kutsogolo kwa x² ndi pozitivu, choncho parabola yathu ndi yoyang'ana kumwamba, ndipo tsinde lake lili pa (1, −4). Thirani mthunzi pamalo otchingidwawo. Muona kuti mbali yaikulu ndithu yatsikira pansi pa mzere wa x.

3. Dziwani chimene chili pamwamba, ndipo mvetsani chifukwa chake timachotsera

Pano ndichedwapo, chifukwa mabuku ambiri amangoti "wapamwamba kuchotsa wapansi" n'kupitirira, ndipo wophunzira amatsala ndi lamulo lomwe sangaliteteze samu ikasintha maonekedwe.

Kudziwa chapamwamba n'kosavuta. Sankhani nambala iliyonse pakati pa −1 ndi 4, muiike m'maikweshoni onse awiri. Tikatenga x = 0, mzere ukupereka 1, parabola ikupereka −3. Popeza 1 ndi wamkulu kuposa −3, mzere ndiwo uli pamwamba. Kuyesa kamodzi n'kokwanira, chifukwa kuti zisinthane malo ziyenera kukumana kaye, ndipo tapeza kale kuti pakati pa −1 ndi 4 sizikumananso. Mukazolowera mudzaona izi osayesa: parabola yoyang'ana kumwamba imakhala pansi pa mzere pakati pa malo okumanirana, yoyang'ana pansi imakhala pamwamba pake. Musaloweze kuti "mzere kuchotsa parabola", chifukwa masamu ena otere amafuna kutembenuza.

Tsopano chifukwa chake. Ganizani kuti malo aja mwawadula tizidutswa toonda kwambiri toimirira, ngati mmene mumadulira buledi. Kachidutswa kalikonse mutu wake wagunda mzere, phazi lake laponda parabola. Mulifupi mwake ndi kochepetsetsa, ndipo ndiko timalemba kuti dx. Msinkhu wake ndi y wa pamutu kuchotsa y wa kuphazi. Eliya ya kachidutswako ndi msinkhu kuchulukitsa ndi dx, ndipo chizindikiro cha ∫ chikungotiuza kuti tiphatikize tizidutswa tonse kuyambira pa x = −1 mpaka pa x = 4. Intigireshoni yonse ya samu ino yagona pa msinkhu wa kachidutswa kamodzi.

Tiyeni tiyeze msinkhuwo pamalo pomwe anthu amaopa. Pa x = 1, mzere uli pa 2 ndipo parabola ili pa −4. Kuchokera pa −4 kukwera kufika pa 0 ndi masitepe 4, kuchokera pa 0 kufika pa 2 ndi masitepe ena 2, onse pamodzi 6. Nanga kuchotsera kukupereka chiyani? 2 − (−4) ndi 6 yemweyo. Kuchotsera nambala ya negetivu kwaphatikiza kale mbali ya pansi ija popanda inu kuchitapo kanthu. Pa x = 3.5, zonse ziwiri zili pamwamba pa mzere wa x: mzere uli pa 4.5, parabola pa 2.25, msinkhu ndi 2.25. Lamulo ndi lomwelo, silinasinthe.

Ngati mukukayikabe, kwezani chithunzi chonse ndi masitepe 10, kutanthauza kuti muwonjezere 10 ku maikweshoni onse awiri. Tsopano malo onse ali pamwamba pa mzere wa x, ndipo kukula kwake sikunasinthe chifukwa mwangowasuntha. Pa x = 1 mzere uli pa 12, parabola pa 6, msinkhu ukadali 6. Mukachotsera, 10 wa uku ndi 10 wa uko amafafanizana. Apa pakuonekeratu kuti mzere wa x ulibe gawo lililonse pa samu imeneyi. Musagawe malo chifukwa parabola yadutsa mzere wa x. Pa parabola yoyang'ana kumwamba kapena pansi, kugawa kumafunika pokhapokha chapamwamba ndi chapansi zikasinthana malo, ndipo zimenezo tiziona kumapeto.

4. Chotserani musanaintigirete, ndipo ikani mabulaketi

```
msinkhu = (x + 1) − (x² − 2x − 3)
        = x + 1 − x² + 2x + 3
        = −x² + 3x + 4
```

Chizindikiro chochotsera chikukhudza zigawo zonse zitatu za parabola, osati x² yekha. Amene walemba popanda mabulaketi amapeza −x² − x − 2, ndipo akaintigireta bwinobwino amafika pa −235/6. Nambala imeneyi si yolakwika chizindikiro chokha, ndi yolakwika yonse. Ichi n'chifukwa chake sindivomereza chizolowezi chongofufuta chizindikiro chochotsera pa yankho. Ngati munangosinthanitsa chapamwamba ndi chapansi, kufufutako kukupatsani nambala yolondola, inde. Koma ngati vuto linali mabulaketi, mwabisa chizindikiro chokhacho chomwe chimakuchenjezani kuti pali cholakwika.

Pali njira yachidule yotsimikizira musanapite patsogolo. Pamalo okumanirana, msinkhu uyenera kukhala ziro, chifukwa mutu ndi phazi zili pamodzi. Ikani x = 4 mu −x² + 3x + 4: −16 + 12 + 4 ndi 0. Ikani x = −1: −1 − 3 + 4 ndi 0. Zili bwino. Ikani x = 4 mu yolakwika ija, mupeza −22, ndipo mwaligwira vutolo lisanakudyereni nthawi. Onaninso kuti msinkhu wathu ndi ikweshoni yomwe ija ya mu sitepe 1, x² − 3x − 4, zizindikiro zokha zitatembenuzidwa. Nthawi zonse ziwirizi zimafanana, kaya zizindikiro zili momwemo kapena zatembenuzidwa, bola ngati simunagawe ikweshoniyo ndi nambala ina.

5. Intigiretani, kenako ikani malire mosamala

```
A = ∫ (−x² + 3x + 4) dx,  x = −1 → 4
F(x) = −x³/3 + 3x²/2 + 4x
A = F(4) − F(−1)
```

Simufunika kulemba + C, chifukwa angafafanizike pochotsera. Werengerani F(4) ndi F(−1) padera, aliyense pamzere wake, musanaziphatikize.

```
F(4)  = −64/3 + 24 + 16 = 56/3
F(−1) = 1/3 + 3/2 − 4   = −13/6
A = 56/3 − (−13/6) = 112/6 + 13/6 = 125/6
```

Yang'anitsitsani F(−1). Nambala −1 ikakwezedwa ku pawa ya 3 imakhalabe −1, ndipo chizindikiro chochotsera chomwe chili kutsogolo kwa x³/3 chimaitembenuza kukhala +1/3. Koma −1 ikakwezedwa ku pawa ya 2 imakhala +1, n'chifukwa chake gawo lachiwiri ndi +3/2. Ngati mukugwiritsa ntchito kakyuleta, dziwani kuti makakyuleta ambiri a sayansi mukalemba −1² amapereka −1, chifukwa amayamba ndi pawa kenako chizindikiro. Lembani (−1)² ndi mabulaketi ake.

Gwirani ntchito ndi mafulakishoni mpaka kumapeto. Mukasandutsa 64/3 kukhala 21.3 pakati pa njira, yankho lomaliza limasuntha pang'ono ndipo simungathenso kulifananitsa bwino ndi njira zotsimikizira. Eliya yathu ndi 125/6, pafupifupi 20.83, m'mayunitsi a sikweya.

Ophunzira ena amakonda kuintigireta mzere pawokha ndi parabola payokha, n'kuchotsera pamapeto. N'zololedwa, koma pali msampha. Mzere wokha, kuyambira −1 mpaka 4, ukupereka 25/2. Parabola yokha ikupereka −25/3. Amene anaphunzitsidwa kuti eliya sikhala negetivu amafulumira kusintha −25/3 kukhala 25/3, n'kuchotsera, n'kupeza 25/6, lomwe ndi gawo limodzi chabe mwa magawo asanu a yankho lenileni. Nambala −25/3 si eliya ya malo ena alionse pa chithunzi chathu. Ndi zotsala pamene mbali ya pansi pa mzere wa x, yomwe ndi −32/3, yakumana ndi kambali ka pamwamba ka pakati pa 3 ndi 4, komwe ndi 7/3. Isiyeni ndi chizindikiro chake: 25/2 − (−25/3) ndi 125/6. Ine ndimalimbikitsa kuchotsera poyamba, chifukwa mumaintigireta kamodzi kokha ndipo msamphawu simukumana nawo.

6. Tsimikizani yankho

Parabola ndi mzere woongoka zili ndi ubwino womwe mizere ina yokhota ilibe: pali fomula yopereka eliya kuchokera pa malire ndi nambala ya kutsogolo kwa x² basi. Ngati malo okumanirana ali pa x = p ndi x = q, ndipo a ndi nambala ya kutsogolo kwa x², ndiye kuti

```
A = |a| × (q − p)³ / 6
```

Kwa ife a ndi 1, ndipo q − p ndi 4 − (−1), kutanthauza 5. Tikawerengera 5 × 5 × 5 tipeza 125, kugawa ndi 6, yankho ndi 125/6. Zagwirizana. Fomulayi si matsenga. Msinkhu nthawi zonse umalembeka ngati |a|(x − p)(q − x), popeza ndi kwadiratiki yomwe imakhala ziro pa p ndi pa q, ndipo mukaintigireta chimenechi kuyambira p mpaka q mumapeza fomula ili pamwambayi. Musaiwale |a|. Parabola ikakhala ya 2x² kapena x²/2, ambiri amaisiya nambalayo n'kuyamba kukayikira yankho lawo lomwe linali lolondola. Ndipo funso likanena kuti mugwiritse ntchito intigireshoni, fomulayi ndi yotsimikizira chabe, masitepe onse alembeni.

Njira ina ndi yakale kuposa intigireshoni yomwe. Archimedes wa ku Syracuse, yemwe anamwalira m'chaka cha 212 Yesu asanabadwe, anaonetsa kuti eliya ya malo oterewa ndi 4/3 ya thirayango yaikulu kwambiri yomwe ingalowe mkati mwake. Makona awiri a thirayangoyo ali pamalo okumanirana, lachitatu lili pa parabola pakatikati pa malire. Pakatikati pa −1 ndi 4 ndi x = 1.5, ndipo pamenepo msinkhu ndi −2.25 + 4.5 + 4, womwe ndi 6.25. Eliya ya thirayango ndi theka la 5 × 6.25, kutanthauza 15.625. Chulukitsani ndi 4/3, mupeza 20.83. Njirayi ndimaikonda chifukwa imakupatsani diso loyezera: yankho liyenera kuposa thirayango ija koma lichepere 5 × 6.25, womwe ndi 31.25. Amene wapeza 25/6 kapena 235/6 angadziwe nthawi yomweyo kuti wasochera.

7. Funso likakupatsani malire ake, onani ngati muyenera kugawa

Apa ndiye pamene kugawa malo kuli kofunika zenizeni. Tinene kuti funso lasintha, likufuna eliya ya pakati pa parabola ndi mzere womwewo kuyambira x = 0 mpaka x = 5. Sitepe 1 musaidumphe ngakhale malire mwapatsidwa, chifukwa muyenera kudziwa ngati mizereyi ikukumana mkati mwa malirewo. Ikukumana pa x = 4. Kuyambira 0 mpaka 4 mzere uli pamwamba, koma kupitirira 4 parabola yaupyola: pa x = 5 parabola ili pa 12, mzere pa 6. Kachidutswa ka kumeneko mutu wake wagunda parabola, phazi laponda mzere, ndiye kuchotsera kuyenera kutembenuka.

```
0 → 4:  F(4) − F(0) = 112/6
4 → 5:  F(4) − F(5) = 112/6 − 95/6 = 17/6
A = 112/6 + 17/6 = 129/6 = 21.5
```

Mukapanda kugawa, mupeza F(5) − F(0), yomwe ndi 95/6. Choopsa chake n'chakuti nambalayi ndi pozitivu ndipo ikuoneka yabwinobwino, palibe chokuchenjezani. Chachitika n'chakuti 17/6 wachotsedwa m'malo moti awonjezedwe. Pa funso lotere fomula ya (q − p)³/6 sigwira ntchito, chifukwa imafuna kuti malire onse awiri akhale malo okumanirana.

Pali mtundu winanso womwe umasokoneza: parabola yogona cham'mbali, monga x = y², ndi mzere y = x − 2. Mukadula tizidutswa toimirira, kumanzere kwa x = 1 mutu ndi phazi zonse zimagunda parabola, kumanja kwake phazi limaponda mzere, ndiye mukakamizika kugawa komanso kulimbana ndi √x. Dulani tizidutswa togona m'malo mwake. Lembani mzere ngati x = y + 2, fananitsani ndi y², mupeza y = −1 ndi y = 2. Utali wa kachidutswa ndi wakumanja kuchotsa wakumanzere, (y + 2) − y², ndipo mukaintigireta ndi dy kuyambira −1 mpaka 2 mupeza 9/2. Fomula yotsimikizira ikugwiranso ntchito pano ndi malire a y: 2 − (−1) ndi 3, 3 × 3 × 3 ndi 27, kugawa ndi 6 ndi 9/2. Samalani kuti malire akhale a y, osati a x omwe ndi 1 ndi 4, chifukwa chilembo cha malire chiyenera kufanana ndi chomwe chili pambuyo pa d.